Lipoti la malonda posankha nthambi ndi masiku: zolemba za momwe tinalikonzera mpaka kugwirizana ndi mabuku

7 Okutobala 2024

Kampani yomwe yandipatsa ntchitoyi imagulitsa feteleza, mbewu ndi mankhwala a m'munda, ndipo ili ndi nthambi zinayi: Lilongwe, Kasungu, Mchinji ndi Dedza. Pa kauntala ya nthambi iliyonse pali kompyuta yomwe kashiya amalowetsamo malonda, ndipo zonse zimakafika pa seva imodzi. Pulogalamu yake inalembedwa ndi PHP, deta ikusungidwa mu MySQL. Lipoti la malonda lilipo kale. Manijala amasankha nthambi, amaika tsiku loyambira ndi lomalizira, n'kudina batani. Koma palibe amene amalikhulupirira. Mwezi ukatha, amayi owerengera ndalama amabwerera ku mabuku ndi kakyuleta, chifukwa zomwe lipoti latulutsa sizigwirizana ndi zomwe nthambi zatumiza.

Zomwe abwana akufuna n'zosavuta kunena: munthu akasankha Dedza, kuyambira pa 1 mpaka pa 30 Seputembala, aone malonda a Dedza a masiku amenewo, osaposa komanso osaperewera. Akufuna zitheke mvula isanayambe, chifukwa anthu akayamba kukhamukira feteleza sipadzakhalanso nthawi yowerenga pamanja.

Sindinayambe ndi kutsegula pulogalamu. Ndinapempha kaye nambala imodzi yomwe tonse tingagwirizane kuti ndiyo yoona, yoti chilichonse chomwe ndingasinthe ndiziyeza nayo. Tasankha Dedza, mwezi wa Seputembala, chifukwa ndi nthambi yaing'ono ndipo mabuku ake amasungidwa bwino.

Zipangizo: laputopu, kope ya deta yonse yomwe ndaiika pa laputopupo kuti ndisakhudze seva yomwe anthu akugwiritsa ntchito, ndi mabuku a ku Dedza. PHP ndi MySQL n'zaulere, ndipo seva kampani imalipira kale. Bando ya intaneti yatenga K15,000.

9 Okutobala

Ku Dedza. Buku lotsekera tsiku lili ndi tsamba limodzi pa tsiku lililonse, ndipo kashiya amalembapo ndalama za m'manja, za pa foni, ndi nambala ya lisiti loyamba ndi lomaliza. Pansi pake manijala wa nthambi amasaina. Pali bukunso lina laling'ono, la kaboni, lomangidwa ndi mphira, lomwe amalembamo malisiti pamanja magetsi akazima kapena netiweki ikasowa. Ndinakhala ndi amanijala a nthambiyo kuseri kwa matumba a feteleza, iwo akuwerenga tsamba lililonse mokweza, ine ndikulemba. Tinafananitsanso ndi masilipi a ku banki.

Seputembala yense ku Dedza: K21,480,000.
Lipoti la pa kompyuta, nthambi yomweyo, masiku omwewo: K19,315,000.

Kusiyana ndi K2,165,000. Amanijala anati, "Achimwene, ndalama imeneyi ku ofesi amandifunsa ngati ndaidya ine. Mabuku ndi awa, onani nokha." Ndinajambulitsa masamba onse a tsiku ndi tsiku, chifukwa nambala ya mwezi wonse yokha siingandiuze pomwe vuto lili. Ndikufunika kudziwa tsiku lililonse palokha.

Ndalama zomwe zatuluka: minibasi ndi chakudya K20,000, fotokope K6,000.

11 Okutobala

Ndinatulutsa lipoti la tsiku limodzilimodzi kuti ndifananitse ndi masamba aja, ndipo chinthu choyamba chinaonekera pomwepo. Ndikaika tsiku loyambira ndi lomalizira lofanana, lipoti likutuluka lopanda kanthu. Funso la SQL lomwe lili kuseri kwake lili ndi mzere uwu:

```sql
WHERE s.created_at BETWEEN '2024-09-01' AND '2024-09-30'
```

Gawo la `created_at` limasunga tsiku ndi nthawi yomwe, mpaka masekondi. MySQL ikapatsidwa `'2024-09-30'` popanda nthawi, imawerenga ngati `2024-09-30 00:00:00`, kutanthauza pakati pa usiku pomwe tsiku la 30 likungoyamba. Ndiye malonda a 8 koloko m'mawa pa 30 ali kale kunja kwa malire. Tsiku lomaliza lomwe manijala wasankha limatayika lonse, nthawi zonse, pa nthambi iliyonse. Mukafuna kudziwa ngati lipoti lanu lili ndi vuto limeneli, sankhani tsiku limodzi lomwe mukudziwa kuti munagulitsa. Likatuluka ziro, ndi lomweli.

Ambiri amakonza poika `23:59:59` kumapeto. Ine sindikonda njira imeneyo, chifukwa tsiku lina gawolo likadzayamba kusunga tizigawo ta sekondi, malonda a sekondi yomaliza adzagweranso panja. Ndasankha kunena kuti kuyambira pa tsiku loyamba, mpaka lisanafike tsiku lotsatira lomaliza:

```sql
WHERE s.created_at >= '2024-09-01'
  AND s.created_at <  '2024-10-01'
```

Manijala amasankhabe 30 Seputembala pa sikirini. Pulogalamu ndiyo imawonjezera tsiku limodzi isanafunse. Njira ina yomwe imaoneka yachidule ndi kulemba `DATE(s.created_at)`, ndipo nambala zimatuluka zolondola, koma MySQL siingagwiritsenso ntchito indekisi ya gawolo, ndiye imayenda mzere uliwonse wa tebulo. Pa tebulo lomwe likukula tsiku ndi tsiku, zimenezo zimadzapweteka kutsogolo.

Pa 30 Seputembala linali Lolemba, kumapeto kwa mwezi, anthu atalandira. Tsamba la tsikulo likuti K1,150,000, ndipo lipoti lakwera ndi ndalama yomweyo ndendende. Tsopano lili pa K20,465,000.

14 Okutobala

Masiku ena lipoti likuposa buku. Ndinatenga limodzi mwa masikuwo n'kutulutsa mizere yake yonse m'malo mwa chiwonkhetso, ndipo lisiti limodzi la K310,000 linaoneka kawiri. Wogulayo anatenga matumba a feteleza, n'kulipira K200,000 pa foni ndi K110,000 m'manja. Mu tebulo la `payments` muli mizere iwiri ya lisiti limeneli, zomwe n'zoyenera. Koma lipoti limalumikiza `sales` ndi `payments` kuti lionetse njira yolipirira, kenako n'kuwonkhetsa `s.total`. Kulumikizako kumabwereza mzere wa malonda pa malipiro alionse, ndiye K310,000 inawerengedwa kawiri.

Kuyesa kwake n'kophweka. Pa funso lomwelo, yerekezani nambala ziwiri izi:

```sql
SELECT COUNT(*), COUNT(DISTINCT s.id)
```

Zikasiyana, pali malisiti omwe akubwerezedwa. Ku Dedza zinasiyana ndi 9, ndipo malisiti 9 amenewo pamodzi ndi K1,920,000.

Pano pali msampha wina. Munthu angaganize zolemba `SUM(DISTINCT s.total)` kuti zobwereza zichoke. Musatero. Izo zimachotsa ndalama zofanana, osati malisiti obwerezedwa. Anthu makumi awiri akagula thumba limodzilimodzi pa mtengo umodzi, onsewo awerengedwa ngati munthu mmodzi. Mu sitolo ya feteleza malisiti ambiri amakhala a ndalama zofanana, ndiye chiwonkhetso chingagwe koopsa.

Ndalekanitsa mafunso. Chiwonkhetso cha malonda chikuchokera mu `sales` mokha, popanda kulumikiza tebulo lililonse lomwe lingakhale ndi mizere ingapo pa lisiti limodzi. Kagawidwe ka ndalama za m'manja ndi za pa foni kakuchokera pa funso lachiwiri lomwe limawonkhetsa `p.amount`. Ubwino wake ndi wakuti ziwirizi ziyenera kufanana, ndiye ndaika kamzere pansi pa lipoti kofiira komwe kamaoneka zikasiyana.

Lipoti latsika kufika pa K18,545,000. Tsopano tatalikirana ndi buku kuposa pomwe tinayambira, kusiyana kwafika K2,935,000. Nditawauza amayi owerengera ndalama anadandaula kuti ndikuwononga. Ndinawaonetsa lisiti lija pa sikirini, kawiri, ndi pepala lake limodzi. Zolakwika ziwiri zinkabisana, china chikuwonjezera, china chikuchotsa. N'chifukwa chake sindikuyeza ntchitoyi poona ngati nambala ikuyandikira. Ndikuyeza poona ngati kusintha kulikonse ndingakufotokoze ndi malisiti enieni.

17 Okutobala

Apa ndi pomwe panali ndalama yaikulu, ndipo panatenga nthawi kuti pamveke. Kuyambira pa 2 mpaka pa 14 Seputembala, lipoti la Dedza likuperewera tsiku lililonse. Kuyambira pa 16 kupita kutsogolo, masiku ambiri akugwirizana bwinobwino. Pa masamba ojambulidwa aja ndinaona kuti m'masabata awiri oyambawo muli zolemba za anthu awiri, koma pambuyo pake za munthu mmodzi. Ndinaimbira amanijala a ku Dedza. "Eee, mtsikana uja anamusamutsira ku Lilongwe pa 16," anatero.

Tebulo la `sales` lilibe gawo la nthambi. Lili ndi `user_id` yokha, nambala ya kashiya, ndipo lipoti limapeza nthambi podutsira mu tebulo la `users`:

```sql
JOIN users u ON u.id = s.user_id
WHERE u.branch_id = 4
```

Funso limeneli silikufunsa kuti malondawo anachitikira kuti. Likufunsa kuti kashiyayo ali kuti lero. Tsiku lomwe ku ofesi anasintha nthambi ya mtsikanayo, malonda ake onse akale, kuchokera pomwe anayamba ntchito, anasamuka naye kupita ku Lilongwe. Mu Seputembala mokha ndi K3,260,000. Dedza inaoneka ngati yagwa, Lilongwe ngati yachita bwino, ndipo lipoti la nthambi zonse pamodzi silinasinthe ngakhale tambala, n'chifukwa chake abwana sanaone kanthu.

Chizindikiro cha vuto lotereli ndi ichi: lipoti la mwezi womwe unatha kale likusintha popanda wina kulowetsa kapena kuchotsa malonda. Ngati muli ndi pepala lomwe munasindikiza mu Julayi, tulutsaninso Julayi lero mufananitse.

Nthambi iyenera kulembedwa pa mzere wa malonda nthawi yomwe akuchitika, ndipo isasinthenso. Ndawonjezera gawo la `branch_id` mu `sales`, ndipo kompyuta ya pa kauntala ikulemba nthambi yake yokha, posatengera yemwe walowapo. Izi zithandizanso kashiya akabwerekedwa tsiku limodzi ku nthambi ina.

Kwa malonda akale tinali ndi mwayi. Nambala ya lisiti lililonse imayamba ndi zilembo za nthambi, zomwe kompyuta ya pa kauntala imaika:

```sql
UPDATE sales SET branch_id = 4
WHERE receipt_no LIKE 'DZ-%';
```

Chimodzimodzi kwa zitatu zinazo. Nditamaliza ndinawerenga mizere yomwe `branch_id` yatsala yopanda kanthu, ndipo inali yoyeserera yokha, ya nthawi yomwe pulogalamuyi inkaikidwa. Kenako ndinatseka gawolo ndi `NOT NULL` kuti malonda opanda nthambi asalowenso. Pakanapanda zilembo zija, tikanayenera kufunsa ku ofesi madeti omwe wantchito aliyense anasamutsidwa, ndipo ndikukayika ngati onse analembedwa.

Lipoti: K21,805,000. Taposa buku ndi K325,000.

21 Okutobala

Zotsalazi zikuchokera mu buku la kaboni lija. Pa 30 ndi 31 Ogasiti, Lachisanu ndi Loweruka, ku Dedza netiweki inavuta, ndipo malisiti ena analembedwa pamanja. Anawalowetsa mu kompyuta Lolemba pa 2 Seputembala. Ndalama zake, K640,000, buku likuziika mu Ogasiti, lipoti likuziika mu Seputembala. Kumapeto kwa mwezi zinachitikanso mbali inayo: malisiti a pamanja a Loweruka pa 28 Seputembala, K410,000, anakhala m'dirowa mpaka Lachiwiri pa 1 Okutobala.

Ili si vuto la SQL. Ndi funso loti abwana ayankhe: mukasankha tsiku, mukutanthauza tsiku lomwe katundu anatuluka mu sitolo, kapena lomwe kashiya analemba mu kompyuta? Ndinawafunsa onse awiri pamodzi, abwana ndi amayi owerengera ndalama, kuti yankho likhale limodzi. Amayiwo sanachedwe: "Tsiku lomwe ndalama inalowa m'kabati, bambo. Ku banki timapita ndi ya tsiku limenelo."

Ndawonjezera gawo la `sold_at`. Pa malonda wamba limadzaza lokha ndi nthawi ya pomwepo. Pa malisiti a pamanja pali fomu yake, pomwe kashiya amaika tsiku lomwe lili pa pepala ndi nambala ya tsamba la kaboni. Fomuyo siilola tsiku la kutsogolo. Gawo la `created_at` ndalisiya momwe lilili, chifukwa likuthandiza kudziwa kuti lisiti linachedwa masiku angati, koma lipoti silisefanso ndi ilo.

Podzaza `sold_at` pa mizere yakale panatulukanso nkhani ya wotchi. Seva imalemba nthawi ya UTC, pomwe Malawi ali patsogolo ndi maola awiri chaka chonse. Masana sizisintha tsiku, 8 koloko m'mawa imalembedwa 6 koloko basi. Koma chilichonse cholowetsedwa pakati pa 12 koloko ndi 2 koloko usiku chimagwera tsiku ladzulo. Ku Dedza mu Seputembala kunalibe mzere wotere, koma ku Kasungu ilipo ya chaka chatha, nthawi ya feteleza, pomwe ankalowetsa malisiti mpaka usiku. Ndiye:

```sql
UPDATE sales
SET sold_at = CONVERT_TZ(created_at, '+00:00', '+02:00');
```

Ndalemba `'+02:00'` osati `'Africa/Blantyre'` chifukwa MySQL imazindikira mayina a zigawo za nthawi pokhapokha matebulo ake a nthawi atadzazidwa, ndipo ngati sanadzazidwe imabweza `NULL` mwakachetechete. Mu PHP dzinalo limagwira popanda vuto, ndipo ndaliika pamalo amodzi pomwe pulogalamu imayambira. Lamulo tsopano ndi lakuti `sold_at` ndi nthawi ya Malawi, ndipo madeti omwe manijala wasankha ndi a Malawi, palibe kutembenuza pakati.

Malisiti a pamanja akale sangakonzedwe ndi funso. Munthu ayenera kutsegula buku la kaboni n'kuika tsiku lililonse. Tagwirizana kuchita zimenezi kuyambira Ogasiti 2024 kubwera kuno, nthambi iliyonse ikonze ake. Miyezi ya m'mbuyo mwake itsala ndi tsiku lolowetsera, ndipo lipoti likuchenjeza munthu akasankha masiku a kumeneko.

Chotsani K640,000, wonjezerani K410,000: K21,575,000.

22 Okutobala

K95,000 yotsala inali lisiti limodzi lomwe linafafanizidwa, wogula atasintha maganizo asanatuluke. Mzere wake uli ndi `status = 'void'`, koma lipoti silinkayang'ana gawo limenelo. Nditawonjezera sefa yake, lipoti latulutsa K21,480,000, ndipo masiku onse a mweziwo akugwirizana ndi masamba awo limodzilimodzi.

24 Okutobala

Nambala ya pa sikirini yakhala bwino, koma manijala ali ndi njira zitatu zoonera zomwezo: sikirini, batani losindikiza, ndi batani lotsitsa fayilo ya Excel. Ndinasankha Dedza, Seputembala, n'kutsitsa fayilo. Munali malonda a Dedza kuyambira tsiku lomwe nthambiyo inatsegulidwa. Batani limeneli linali ndi funso lakelake:

```sql
WHERE u.branch_id = :b OR :b = 0
  AND s.created_at BETWEEN :from AND :to
```

Ziro akuimira nthambi zonse. Ukawerenga momwe mizere yaikidwira, zikuoneka ngati zili bwino. Koma mu SQL, `AND` imamangidwa kaye `OR` isanafike, ndiye MySQL ikumva kuti: ndipatse mzere ngati uli wa nthambi iyi, kapena ngati wasankha zonse ndipo tsiku lili m'malire. Ukasankha nthambi zonse, madeti amagwira. Ukasankha imodzi, madeti amatayidwa. Abwana nthawi zonse amatsitsa za nthambi zonse, ndiye kwa iwo fayiloyo inkaoneka yabwino, pomwe amanijala a nthambi anasiya kalekale kuigwiritsa ntchito osauza munthu.

Kuika mabulaketi kukanatha vuto la lero lokha. Vuto lenileni ndi lakuti sefa yomweyo inalembedwa malo atatu, ndipo zonse zomwe ndakonza masabata awiriwa zinali pa malo amodzi. Ndachotsa zitatuzo n'kusiya imodzi:

```php
function sales_filter(?int $branch, string $from, string $to): array {
    $sql  = "s.status = 'paid' AND s.sold_at >= ? AND s.sold_at < ?";
    $args = [$from, next_day($to)];
    if ($branch !== null) {
        $sql .= " AND s.branch_id = ?";
        $args[] = $branch;
    }
    return [$sql, $args];
}
```

Sikirini, chosindikiza ndi fayilo, zonse zikutenga sefa pano. Mulibenso `OR`: munthu akasankha nthambi zonse, mzere wa nthambi sulembedwa n'komwe. Zomwe manijala wasankha zimalowa pa malo a `?`, sizimatidwa m'mawu a funso, ndiye palibe amene angalowetse SQL yake kudzera pa fomu. Ndi gawo la ntchito yonseyi lomwe ndikuliona kuti n'lofunika kuposa ena. Wina akadzawonjezera lipoti la katundu kapena la makashiya chaka chamawa, ayitane `sales_filter`, asalembe `WHERE` yake.

28 Okutobala

Fomu yosankhira. Madeti ankalembedwa pamanja m'kabokosi, ndipo pulogalamu inkawawerenga ndi `strtotime`. Kuno timayamba ndi tsiku kenako mwezi, koma `strtotime` ikaona timizere topendama imawerenga mwa chi America, mwezi kaye. Munthu akalemba `03/09/2024` kufuna 3 Seputembala, amapatsidwa 9 Malichi. Akalemba `25/09/2024`, mwezi wa 25 kulibe, ndiye kuwerenga kumalephera ndipo tsiku limasanduka 1 Januwale 1970. Likakhala tsiku loyambira, lipoti limatenga mbiri yonse popanda kudandaula. Amanijala ena anali atazolowera kulemba `2024-09-01` chifukwa anauzidwa kuti njira inayo imachita misala, ndipo n'zomwe tinagwiritsa ntchito poyesa Dedza.

Ndasintha mabokosiwo kukhala `<input type="date">`. Amatsegula kalendala, ndipo kaya foni kapena kompyuta ikuonetsa tsiku motani, chomwe chimatumizidwa ku seva chimakhala chaka, mwezi, tsiku. Seva ikuyesanso yokha, chifukwa munthu akhoza kusintha adiresi pamwamba pa bulawuza. Tsiku liwerengedwe ndi `createFromFormat`, kenako lilembedwenso n'kufananitsidwa ndi lomwe linabwera, chifukwa PHP ikapatsidwa 31 Seputembala siikana, imangolisandutsa 1 Okutobala. Tsiku loyambira likakhala patsogolo pa lomalizira, kapena limodzi likasowa, lipoti silituluka. Pamatuluka uthenga. Ndinakana maganizo oti pulogalamu izidziikira yokha mwezi uno zikatero, chifukwa nambala yolondola ya masiku omwe munthu sanasankhe imasocheretsa kuposa sikirini yopanda nambala.

Pamwamba pa lipoti lililonse, pa sikirini, pa pepala ndi mu fayilo, palembedwa zomwe sefa yagwiritsa ntchito: nthambi, masiku m'mawu monga 1 Seputembala 2024 mpaka 30 Seputembala 2024, chiwerengero cha malisiti, ndi nthawi yomwe latulutsidwa. Mawuwa akuchokera pa zomwe zinapita ku funso, osati pa zomwe zili m'mabokosi, chifukwa munthu amatha kusintha bokosi osadina batani, n'kumawerenga nambala zakale.

Manijala wa nthambi amaona yake yokha. Kubisa mayina a nthambi zina pa mndandanda sikokwanira, ndiye seva ikutenga nthambi yake kuchokera pa akaunti yomwe walowera, n'kunyalanyaza yomwe yabwera pa fomu.

30 Okutobala

Tizinthu tiwiri. Nthambi ikakhala kuti siinagulitse m'masiku osankhidwawo, `SUM` imabweza `NULL`, ndipo pa sikirini pankatsala mpata. Ndaika `COALESCE(SUM(s.total), 0)` kuti paoneke K0. Chachiwiri, lipoti la chaka chonse linkachedwa. `EXPLAIN` inaonetsa `ALL`, kutanthauza kuyenda tebulo lonse. Ndaika indekisi pa `(branch_id, sold_at)` ndi ina pa `sold_at` yokha ya nthambi zonse, ndipo tsopano ikuonetsa `range`.

Ndapanganso tebulo loyeserera la mizere yochepa, uliwonse woimira vuto limodzi lomwe tapeza: malonda a `00:00:00` pa tsiku loyamba, a `23:59:59` pa lomaliza, a `00:00:00` pa tsiku lotsatira omwe sayenera kulowa, lisiti lolipiridwa m'magawo awiri, la kashiya wosamutsidwa, la pamanja lolowetsedwa mwezi wina, ndi lofafanizidwa. Ndalama za mizereyi ndi K1, K10, K100, K1,000 kukwera choncho, kuti chiwonkhetso chikalakwika ndizindikire pomwepo mzere womwe wasowa kapena wabwerezedwa pongoona manambala ake. Kuyesaku kumayitana njira zonse zitatu, ndipo kumafunanso kuti nthambi zinayi zitawonkhetsedwa zifanane ndi lipoti la nthambi zonse. Usiku uno, masitolo atatseka komanso nditasunga kope ya deta, zosinthazi zapita pa seva yeniyeni.

4 Novembala

Kuyesa pa mwezi womwe sindinauone pokonza. Amayi owerengera ndalama anawonkhetsa Okutobala kuchokera m'mabuku osaona sikirini, kenako tinatulutsa lipoti. Lilongwe, Mchinji ndi Dedza zinagwirizana. Kasungu inaperewera K186,000, ndipo atafunsidwa anapeza malisiti atatu a kaboni a pa 29 omwe anali asanalowetsedwe. Atawalowetsa ndi tsiku la pa pepala, Kasungu inagwirizananso.

Izi zaonetsa malire a njira yomwe tasankha. Popeza tikusefa ndi tsiku logulitsira, lipoti la masiku omwe anadutsa likhoza kukwera lisiti lochedwa likalowa. Pepala la Kasungu la Lachisanu ndi la lero akusiyana, ndipo onse anali olondola pa nthawi yomwe anasindikizidwa. Ndawonjezera mzere pansi pa lipoti wonena malisiti angati m'masiku osankhidwawo analowetsedwa mochedwa, ndalama zake, ndi tsiku lomwe lomaliza linalowa, kuti munthu wogwira mapepala awiri osiyana adziwe chomwe chawasiyanitsa.

Chomwe chatsala ndi kutseka mwezi. Abwana avomera kuti likadutsa tsiku la 5, fomu ya malisiti a pamanja izikana tsiku la mwezi wapitawo pokhapokha amayi owerengera ndalama atatsegula, ndipo kutsegulako kuzilembedwa, ndani ndi liti. Mchinji sanamalizenso kuika madeti a buku lawo la kaboni la Ogasiti, ndiye chenjezo la nthambi imeneyo ndalisiya kuti lizioneka pa tsiku lililonse lisanafike 1 Seputembala mpaka atatumiza uthenga kuti atha.